Mchere wa m'botolo ndi 75 peresenti: kudikira mpaka liti?

Gulani tizipangizo tiwiri toyezera chinyezi, tija toonetsa manambala pa kagalasi timene alimi a nkhuku amaika m'makina ofungatira mazira, mutiike patebulo limodzi. Si zachilendo kuona kena kakuti 41, kanzake kakuti 52. Tonse tili m'chipinda chimodzi, mpweya wake ndi womwewo, ndiye kamodzi kakunama, mwinanso tonse. Kwa munthu amene wabweretsa mazira 300 ku Likuni ndipo akufuna chinyezi cha pakati pa 50 ndi 55 peresenti masiku 18 oyamba, kenako cha 65 mpaka 70 masiku atatu omaliza, kusiyana kwa 11 si kocheza nako. Chinyezi chikachepa, kakhungu ka m'kati mwa dzira kamauma n'kumamatira mwanapiye. Chikachuluka, dzira silitaya madzi okwanira ndipo mwanapiye amafera momwemo atakula kale.

Woweruza mlanduwu ali kukhitchini. Madzi amene akhuta mchere, moti mchere wina watsala pansi osasungunuka, akatsekeredwa m'botolo amasunga chinyezi cha mpweya wa pamwamba pake pa mlingo umodzi wodziwika. Mpweya ukauma, madziwo amautulutsira nthunzi. Ukanyowa kupitirira mlingo, amaimwa. Kachipangizo kakatsekeredwa m'botolomo kayenera kuonetsa mlingo womwewo, ndipo kakasiyana nawo mwadziwa kuti kakunama. Pa mchere wathu wa ndiwo, NaCl, mlingowo ndi 75.5 peresenti pa madigiri 20, 75.3 pa madigiri 25, ndi 75.1 pa madigiri 30. Manambala amenewa ndi a Lewis Greenspan, amene anawasonkhanitsa mu 1977 ku bungwe loona za miyezo la ku America, ndipo oyeza zipangizo amadalira omwewa mpaka lero. Ubwino wa mchere wa ndiwo ukuonekera pomwepa: kaya ndi m'mawa wa Julaye kaya masana a Okutobala, nambala yake sisuntha ndi peresenti imodzi yomwe. Kukwera kwa Lilongwe, mamita opitirira pang'ono 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, sikusintha kanthu koti mungakaone.

Chovuta si mchere. Chovuta n'kudziwa nthawi yowerenga nambala, ndipo anthu ambiri amawerenga msanga.

Kakonzedwe ka botolo

Pezani botolo lagalasi la lita imodzi, lakukamwa kwakukulu, lokhala ndi chivundikiro cha labala. Kontena yapulasitiki yotseka ndi tokowera imathekanso, koma galasi limaposa chifukwa silimwa chinyezi ndipo mumaona manambala osatsegula. Litsukeni, liume gwa.

Mcherewo musauthire pansi pa botolo penipeni. Ikani m'kambale kosaya, kotambalala, monga chivundikiro chapulasitiki cha botolo la chiponde. Magalamu 50, amene ali ngati masipuni aakulu atatu osadzaza mulu, muthiremo madzi mamililita 20, masipuni a tiyi anayi. Madzi a mamililita 100 amasungunula mchere wa magalamu pafupifupi 36 basi, choncho mamililita 20 adya magalamu 7 ndipo wotsalawo ukhala pansi. Zioneke ngati mchenga wa m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi madzi atangophwa kumene, wonyowa, wonyezimira pamwamba, koma timiyala tikuoneka. Mukapendeketsa kambale, timadzi tiyende pang'ono m'mbali. Mukachulutsa madzi mchere wonse n'kusungunuka, chinyezi chikwera kupitirira 75 ndipo simudziwa chafika pati. Mukachepetsa madzi, pamwamba pauma n'kupanga chikhakha, chinyezi chitsika.

Madzi abwino ndi aja othira m'batire ya galimoto, osati asidi, madzi okhaokha otchezedwa. A pampopi kapena a pamjigo amagwira ntchito ngati mukungofuna kudziwa ngati kachipangizo kaphonya ndi 3 kapena ndi 10. Mchere wa m'sitolo uli ndi ayodini, koma kuchuluka kwake n'kochepa kwambiri moti sikusuntha nambala. Woti mupewe ndi uja amagulitsa kwa odwala kuthamanga kwa magazi, chifukwa ndi wosakaniza ndi potaziyamu koloraidi, ndipo michere iwiri ikasakanikirana imapereka mlingo wina. Mchere wamibulu wa pamsika, ngati uli ndi dothi, utsukuluzeni kaye mwachangu.

Kachipangizo kakhale pamwamba, masentimita atatu mpaka asanu kuchokera pa mchere, pa kasefa kapulasitiki kapena pa kakapu kozondotsa. Kasakhudze mchere ngakhale kadontho. Madzi amchere akalowa mu sensa, kachigawo ka m'kati kamene kamamva chinyezi, amaiwonongeratu, ndipo mchere uli ndi khalidwe lokwawa, umakwera m'mbali mwa kambale pang'onopang'ono mpaka kutulukira kunja. Nthunzi yokha ilibe mchere, ndiye sensa imene sinakhudze madziwo ilibe choopa.

Mpweya suchedwa

Apa ndi pamene nkhani yakudikira imasokonekera. Munthu amaganiza kuti akudikira kuti mpweya wa m'botolo unyowe. Tiyeni tiwerengere. Lita imodzi ya mpweya pa madigiri 25 ikakhuta nthunzi imanyamula madzi okwana mamiligalamu 23. Pa 75 peresenti ndi mamiligalamu 17. Masana a Okutobala kuno chinyezi chikhoza kutsika mpaka cha m'ma 30, amene ali mamiligalamu 7. Ndiye kuti botolo lanu likufuna mamiligalamu 10 okha, pomwe dontho limodzi la madzi limalemera mamiligalamu pafupifupi 50. Nthunzinso imafalikira yokha mtunda wa masentimita 10 m'mphindi zosakwana khumi ngakhale mpweya uli zii. Sensa yeniyeniyo, monga SHT31 kapena BME280, imayankha m'masekondi owerengeka. Kukanakhala kuti m'botolo muli mpweya ndi sensa basi, ola limodzi likanakwana.

Koma m'botolo muli zinthu zina zaludzu. Pepala limodzi lofotokopera limalemera magalamu asanu. Likachoka mu mpweya wa 30 peresenti n'kulowa wa 75, limamwa madzi oyandikira kota ya galamu, kuposa maulendo makumi awiri zimene mpweya wonse wa m'botolomo ukufuna. Ndiye munthu amene wakhazika kachipangizo pa kakatoni, kapena waikamo kapepala kolembapo tsiku, wadziikira yekha thabwa panjira. Thabwa lenileni ndiye limaposa apo, limamwa kwa masiku. Nsalu, thonje, siponji, ulusi womangira, zonsezi zisalowe. Zimene simungazichotse ndi chikwama chapulasitiki cha kachipangizoko, kabolodi ka m'kati mwake ndi khungu la waya. Izi zimamwa pang'ono koma mochedwa, ndipo sensa ili m'kati mwa chikwamacho, ikupuma kudzera m'timabowo tingapo. Mpweya wa pafupi ndi sensa umatsalira m'mbuyo mpaka pulasitikiyo itakhuta. Ichi ndi choyamba chimene mukudikira.

Chachiwiri ndi kutentha, ndipo ichi ndiye chimapha ntchito yambiri.

Digiri imodzi

Mchere umalamula kuchuluka kwa nthunzi molingana ndi kutentha kwa madzi ake. Sensa imawerenga chinyezi molingana ndi kutentha kwa iyo yomwe. Ziwirizi zikasiyana, nambala imathawa. Pa madigiri a m'ma 25, mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kunyamula nthunzi yowonjezera pafupifupi 6 pa 100 iliyonse. Tinene kuti mchere uli pa madigiri 25 koma sensa ili pa 26. Sensa yabwinobwino, yosaphonya n'komwe, ionetsa 71 m'malo mwa 75. Ikazizira ndi digiri imodzi kuposa mchere, ionetsa 80. Digiri imodzi yokha yabweretsa cholakwa choposa chimene mumafuna kuchipeza.

Tsono taganizirani nyumba ya malata ku Kawale kapena ku Area 25. Dzuwa likatuluka chipinda chimatentha mofulumira, likalowa chimazizira. Kachipangizo n'kopepuka, kamatsatira mpweya mosachedwa. Phala la mchere n'lolemera ndipo lili ndi madzi, limatsalira m'mbuyo. M'mawa sensa imatentha kuposa mchere, nambala imatsika. Madzulo sensa imazizira msanga, nambala imakwera. Botolo lotere silikhazikika ngakhale mutalidikira sabata yathunthu, limangovina mozungulira nambala yoona. Pali chinanso: mpweya wa 75 peresenti pa madigiri 25 umayamba kuchita mame ukakhudza chinthu cha madigiri pafupifupi 20. Botolo likagona pa simenti yozizira usiku wa Juni, timadontho timatuluka pagalasi. Amenewo ndi madzi opanda mchere, ndipo m'mawa akamauma amakweza chinyezi kupitirira 75. Mukaona mame pagalasi, pukutani muyambirenso.

Mankhwala ake ndi kulaboksi. Ikanimo botolo, mulizungulize ndi mabotolo anayi kapena asanu a madzi amene agona m'chipinda chomwecho, osati a mufiriji. Madzi amachedwa kutentha ndi kuzizira, ndiye amasalaza kusintha kwa usana ndi usiku. Tsekani, fundikani bulangeti, ikani chipinda chapakati chimene khoma lake siliwombedwa ndi dzuwa. Phala la mchere likonzeni dzulo lake ligone momwemo, kachipangizonso kagone m'chipinda chomwecho, kuti pokumana zikhale zitafanana kale kutentha. Powerenga, tsegulani kulaboksi, suzumirani pagalasi, tsekani. Botolo musaligwire m'manja, pakuti dzanja lili pa madigiri opitirira 30.

Amene amalumikiza masensa ku kabolodi ka ESP32 kapena Arduino asiye kabolodiko kunja. Kamatentha, makamaka kakamalumikizana ndi intaneti. M'botolo mulowe sensa yokha pa waya woonda, bowo la wayalo mulitseke ndi guluu wotentha, ndipo sensa muziifunsa kamodzi pa mphindi, osati sekondi iliyonse, chifukwa nayonso imadzitenthetsa ikagwira ntchito mosapuma. Silikoni wonunkha ngati viniga musamugwiritse ntchito, mpweya wake umasokoneza sensa. Kafani kakang'ono kamafulumizitsa zinthu m'kontena yaikulu, koma injini yake ndi mbaula yaing'ono. M'botolo la lita imodzi ine sindiona phindu lake.

Kuwerenga pokhazikika

Tiyerekeze kuti ndi Okutobala, sensa ndi yoonetsa manambala mpaka kadontho kamodzi, ili m'chikwama chake chapulasitiki, ndipo kulaboksi ikusunga madigiri 25. Potseka botolo ikuti 34. Ola limodzi likatha ikuti 58, awiri 68, anayi 74.0. Apa ndi pa msampha. Munthu amaona 74, amati yangotsala pang'ono kufika 75, akadikira ola lina aona 75 ndendende, atsegula botolo n'kulengeza kuti kachipangizo n'kabwino. Sikanaime pa 75, kamangodutsapo. Maola 8 ikuti 77.0, maola 12 ikuti 78.2, maola 16 ikuti 78.7, maola 24 ikuti 78.9, maola 36 ikuti 79.0, ndipo pa maola 48 ikadali pomwepo. Sensa iyi imawonjezera pafupifupi 4.

Onani mmene masitepe a maola anayianayi akucheperachepera kuyambira pa ola lachinayi: 3.0, kenako 1.2, kenako 0.5. Sitepe iliyonse ili ngati magawo anayi mwa khumi a inzake yam'mbuyo. Mukakhala ndi manambala atatu otalikirana mofanana, mukhoza kuyerekeza mtunda wotsala. Tchani sitepe yoyamba d1, yachiwiri d2:

```
wotsala = d2 * d2 / (d1 - d2)
        = 1.2 * 1.2 / (3.0 - 1.2) = 0.8
```

Pa maola 12 munali pa 78.2, kuwonjezera 0.8 ndi 79.0. Masamu awa amathandiza kudziwa ngati mwayandikira, koma musawakhulupirire mpaka kutsegula botolo. Amaganiza kuti chochedwetsa n'chimodzi, pomwe pulasitiki yokhuthala imakhala ndi mchira wautali umene umaonekera mochedwa. Nthawi zambiri yankho lake limaperewera pang'ono.

Lamulo limene ndimaliona lodalirika ndi ili: nambala isasunthe kupitirira 0.3 kwa maola asanu ndi limodzi, kutentha kusasunthe kupitirira theka la digiri m'maola omwewo, ndipo nambala ya lero ifanane ndi ya dzulo pa ola lomwelo. Chomalizachi chimagwira kuvina kwa usana ndi usiku kumene maola ochepa sangakuonetse. Tizipangizo toonetsa manambala athunthu okhaokha timabisa zambiri, pakuti 78 akhoza kukhala 77.6 amene akukwerabe. Pa timeneti musavutike ndi masamu, dikirani maola 24, werengani, muwerengenso pa maola 36 kapena 48.

Mwachidule cha nthawi, sensa yamaliseche, yopanda chikwama, m'botolo laling'ono losasintha kutentha, imayandikira m'maola awiri mpaka anayi. Kachipangizo ka m'chikwama kamafuna maola 12 mpaka 24. Kontena ya malita asanu yokhala ndi tizipangizo tingapo imafuna masiku awiri, ndiponso kambale ka mchere kotambalala kwambiri, chifukwa chimene chimathamangitsa ntchito ndi kukula kwa nkhope ya phalalo, osati kuya kwake. Mukatsegula botolo pakati pa ulendo, ngakhale kwa masekondi ochepa, perekani maola ena awiri kapena atatu musanakhulupirire nambala.

Botolo lodontha mpweya limadziulula mosiyana malinga ndi nyengo. M'chilimwe nambala imakhazikika pansi, mwina 70, ndipo tizipangizo tonse timene mwaikamo timagwirizana pa kutsikako, phala nalo limauma pamwamba pakapita masiku. Tizipangizo titatu tosiyana mitundu tikaphonya mbali imodzi ndi mlingo umodzi, kayikirani botolo, osati ito. M'dzinja, mu Januwale kapena Febuluwale, mpweya wa kunja umakhala pafupi ndi 75 kapena 80 kale, ndiye botolo lodontha limaoneka ngati lili bwino, ndipo nambala imafika msanga chifukwa inalibe ulendo woti iyende. Kuyeza kwa nyengo imeneyo ndi mchere wa ndiwo wokha sikukuuzani zambiri za mmene sensa ichitire kukauma.

Mchere wachiwiri

Kuchotsera 4 pa nambala iliyonse kumagwira ntchito pafupi ndi 75 basi. Masensa otchipa, makamaka akakalamba kapena akakhala nthawi yaitali mu fumbi la nthenga ndi mpweya wa m'khola, saphonya mofanana ponseponse. Pamafunika malo achiwiri, akumunsi. Maginiziyamu koloraidi, MgCl2, amapereka 33.1 peresenti pa madigiri 20, 32.8 pa 25, ndi 32.4 pa 30. Amapezeka kwa ogulitsa mankhwala a mu labotale. Chenjerani, mchere wa Epsom wa m'mafamase ndi maginiziyamu salifeti, chinthu china, ndipo chinyezi chake chili pafupi ndi 90. Potaziyamu kaboneti amapereka 43.2, ndipo ndi amene amachuluka m'chidulo cha agogo, koma chidulo chili ndi michere ina yosakanikirana, ndiye chisiyeni chikaphike therere. Feteleza wa potashi nayenso ndi potaziyamu koloraidi, amene akakhala woyera amapereka 84.3 pa madigiri 25, koma wa m'thumba ali ndi zosakaniza zina.

Maginiziyamu koloraidi wa timiyala ali kale ndi madzi m'kati mwake ndipo amasungunuka mosavuta. Pa magalamu 50 yambani ndi sipuni ya tiyi imodzi ya madzi, chifukwa sipuni imodziyo imasungunula magalamu oposa 10. Wa ufa wouma amatentha akakumana ndi madzi, ndiye ayenera kugona usiku wonse kuti azizire. Mchere uwu umakoka madzi a mumpweya. M'dzinja mukasiya botolo lotsegula, mudzapeza timiyala tonse tasanduka madzi. Musanawerenge nambala, onetsetsani kuti timiyala tikuonekabe pansi. Akhale ndi botolo lake ndi kambale kake.

Ulendo wotsika umachedwa kuposa wokwera, chifukwa pulasitiki imataya madzi mwaulesi. Sensa nayo imakumbukira kumene yachokera: pa chinyezi chimodzimodzi imaonetsa nambala yokwererapo ikachokera konyowa, yotsikirapo ikachokera kouma, kusiyana kwa pafupifupi peresenti imodzi. Choncho yambani ndi botolo louma, mutsirize ndi lonyowa, ndipo ngati mwachokera konyowa perekani masiku awiri athunthu. Michere ya pamwamba pa 80 musagonekemo sensa masiku ambiri. Opanga SHT31 amanena okha kuti ikakhala maola 60 pamwamba pa 80 peresenti ikhoza kuwonjezera 3 kwa kanthawi, ndiye mukhoza kuipatsa matenda amene inalibe.

Tibwerere ku sensa ija. Pa mchere wa ndiwo inati 79.0 pomwe zoona ndi 75.3. Tinene kuti pa maginiziyamu yati 30.0 pomwe zoona ndi 32.8. Kumtunda imawonjezera, kumunsi imachepetsa. Mzere wowongolera umapezeka motere:

```
a = (75.3 - 32.8) / (79.0 - 30.0) = 0.867
b = 32.8 - 0.867 * 30.0 = 6.8
zoona = 0.867 * zowerenga + 6.8
```

Sensa ikati 30, amene amangochotsera 4 apeza 26 pomwe zoona ndi pafupifupi 33, waphonya ndi 7, kuposa akanaisiya osaikonza. Kwa wa mazira uja, chofunika n'kutembenuza masamuwa. Akafuna 52 yoona, sensa ionetse 52, chifukwa cha pamenepo zowerenga ndi zoona zimafanana. Akafuna 68 yoona masiku atatu omaliza, sensa ionetse pakati pa 70 ndi 71. Alembe manambala awiriwa pa tepi, amate pa makina, pamodzi ndi tsiku loyeza.

Malire ake muwadziwe. M'nyumba, ndi kulaboksi ndi mchere wa m'sitolo, kulondola kwanu kuli mkati mwa peresenti imodzi kapena ziwiri, ndiye sensa imene yaphonya ndi 1.5 isiyeni momwemo. Opanga sensa ya DHT22 amalonjeza kuphonya kosaposa 2 mpaka 5, a BME280 amalonjeza 3, a DHT11 amalonjeza 5. Kuyezaku mwachitira pa madigiri 25 pomwe makina a mazira amakhala pa 37.5, ndipo sensa yotchipa ikhoza kusintha khalidwe ikatenthedwa. Ngati makina alibe mazira, botolo lotseka bwino likhoza kulowa m'makinamo, kutali ndi waya wotenthetsera, litakulungidwa m'thawulo kuti kuyaka ndi kuzima kwa wayayo kusalivinitse. Pa kutentha kumeneko mchere wa ndiwo umapereka pafupifupi 74.8. Maola oyamba galasi lichita mame kapena nambala ithawa chifukwa phala likadali lozizira, ndiye kuwerengera nthawi kuyambe botolo lonse litafunda. Magetsi akazima pakati pa usiku, maola amene munawerenga aja afufuteni.